Munthu akufuna K800 kuti andilembe ntchito ku Solwezi, ndimukane bwanji mwaulemu?

Tisa wa ku Mchini: Odi pagulu pano. Akuluakulu ndithandizeni nzeru 17:00 isanakwane. Lolemba azakhali anga ananditumizira nambala ya bambo wina amene akuti akulemba anthu ntchito yosunga katundu pa mgodi wina ku Solwezi. Iwo nambalayo anaitenga kwa mnzawo wa kumpingo. Ndinamulembera pa WhatsApp, ndinatumiza CV, sitifiketi ya giredi 12 ndi chithunzi cha reji yanga mbali zonse ziwiri. Lachiwiri m'mawa anangoti ndapambana. Palibe intavyu, sanandifunse ngakhale funso limodzi la ntchitoyo. Malipiro ati K9,500 pa mwezi, nyumba ndi chakudya zaulere. Dzulo ndiye wabwera ndi zoti nditumize K450 ya kuchipatala ndi K350 ya yunifomu ndi nsapato, zonse K800, pa nambala ya Airtel Money, lero lomwe, apo ayi malo anga apatsa wina. Kalata ya ntchito yabwera ngati chithunzi, ilibe dzina la woisayina, ndipo imelo yake ndi ya Gmail. Mtima wanga wakana kale. Chandivuta ndi mayankhidwe, chifukwa munthuyu wadzera kwa azakhali, sindikufuna kuwachititsa manyazi. Ndalemba chonchi, mundiuze ngati zili bwino:

"Pepani kwambiri bambo, ndathokoza chifukwa cha mwayi umenewu. Pakali pano ndilibe ndalama, amayi akudwala ndipo sitinagulitse soya. Mwina mwezi wamawa zinthu zikayenda ndidzakuuzani. Musandiiwale."

Wanjinga wa pa Kapata: Asisi ulemu wa chiyani kwa mbava? Muuzeni kuti ndiwe wakuba, tikudziwa, tikakupeza uona. Basi. Anthu amenewa akamva ulemu amayesa mantha.

Amake Mapasa: Iwe Tisa, usanachite china chilichonse, lowetsa nambala imeneyo pa Airtel Money ngati ukutumiza K1, koma usaike pini. Dzina la mwini nambala limatuluka usanavomereze. Utiuze ngati likufanana ndi la bambo akulembera iwe. Ine ndimakhala pa buthi tsiku lonse, ndaziona zambiri izi.

Tisa wa ku Mchini: Ndayesa amama. Latuluka dzina la mzimayi, losiyaniratu. Komanso nambala yolandirira ndalama si imene akundilemberapo.

Amake Mapasa: Ndiye wayankhidwa kale. Kampani ya mgodi yolemera choncho ilandire ndalama pa nambala ya mayi wina? Ndalama zoterezi zikangolowa, pasanathe mphindi zingapo zatapidwa pa buthi ina, ndipo ukaimba kuti azibweze umapeza mulibe kanthu. Pa buthi yanga pamabwera achinyamata atapanikiza foni pakhutu, winayo akuwauza kuti tumizani msanga bwana akutseka ndandanda. Ndikawafunsa kuti mukumudziwa amene mukutumizirayu, ena amandikalipira kuti ndikuwatsekera mwayi.

Kalaliki wa ku Katete: Ndagwira zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito pa kampani ina yogula mbewu kuno kum'mawa, ndiye ndiyankhepo pa kalata yako yokanayo, poti zoti ndi chinyengo waona wekha. Kalata yako ndi yaulemu, koma siikukana. Werenganso bwino. Wanena kuti ulibe ndalama. Munthu wotere akamva "ndilibe ndalama" samva kuti wakana, amamva kuti mtengo wakwera. Ayankha kuti mwana wanga ndakumvera chisoni, tumiza K400 yokha, yotsalayo tidzadula pa malipiro. Ukati ndilibe, atsika pa K200. Chifukwa chilichonse chimene ungapereke, iye ali nalo kale yankho lake, chifukwa ndi ntchito yake tsiku lonse. Chachiwiri, wamuuza za kunyumba kwanu, kuti amayi akudwala ndiponso kuti mukudikira ndalama za soya. Wamupatsa tsiku loti adzabwerenso. Ndipo mawu akuti "musandiiwale" ndiye chitseko wasiya pululu.

Tisa wa ku Mchini: Iii amalume, ine ndimayesa ndikatchula amayi andimvera chisoni n'kundisiya.

Kalaliki wa ku Katete: Kwa munthu wabwinobwino zikanatero. Kwathu kuno tinazolowera kukana mozungulira, sitinena kuti ayi pamaso pa wamkulu, timati tiona kaye, ndipo winayo amamva yekha. Koma zimenezo zimayenda pakati pa anthu amene onse ali ndi manyazi. Uyu alibe. Ndiye ulemu wako ukhale m'moni ndi m'kuthokoza, koma mawu okanawo akhale ouma. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo. Zikomo pondiganizira pa ntchitoyi. Ndaganiza bwino ndipo sindipitiriza nayo. Chonde chotsani dzina langa pa ndandanda yanu, ndipo sindikuloleza kuti CV, sitifiketi ndi chithunzi cha reji yanga zigwiritsidwe ntchito kwina kulikonse. Zikomo, tsalani bwino."

Palibe "pepani kwambiri", palibe "chifukwa", palibe "mwina". Azakhali ako ngakhale ataiwerenga sangapezemo mwano.

Aphunzitsi Opuma: Kalata ya a Kalaliki ndi yabwino, koma ine ndikuona ngati yafupika kwambiri. Bwanji mwanayu asamuuze munthuyo zifukwa zake momveka, kuti bambo, simunandiyese, mukufuna ndalama ntchito ndisanayambe, imelo yanu si ya kampani, dzina la pa nambala ndi la munthu wina? Ngati ndi woona adzilungamitsa, ngati ndi wabodza achita manyazi. Ife tinkaphunzitsa kuti kalata iliyonse ikhale ndi chifukwa.

Kalaliki wa ku Katete: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pamenepo ndiye mwamuchongera mayeso kwaulere. Mukamuwerengera pamene walakwitsa, mawa akonza. Apeza imelo yooneka ngati ya kampani, aikapo intavyu ya mphindi zisanu pa foni, asayinitsa kalata, ndipo mwana wotsatira sadzaona chimene Tisa waona. Komanso mukatchula zifukwa zinayi mwamupatsa nkhani zinayi zoti akambirane nanu. Adzati nambalayo ndi ya akawuntanti wathu, imelo ya kampani ikukonzedwa, intavyu idzachitikira ku Solwezi konko. Mayankho amenewo munthu wofunitsitsa ntchito akawamva madzulo ali yekha, amayamba kukhulupirira.

Aphunzitsi Opuma: Hmm. Apo mwandigwira. Koma ndikadali ndi kanthu kumtima, kuti nanga akakhala woona, sitinamulakwire?

Kalaliki wa ku Katete: Ndi chifukwa chake kalatayo siikumutchula wakuba. Wolemba ntchito woona amalandira makalata okana kawirikawiri, sakwiya, amangoitana wotsatira pa ndandanda. Ine ndalandirapo ambirimbiri. Akakhala woona sitinamunyoze, akakhala wabodza sitinamupatse pogwira. Kalata imodzi yomweyo ikukwana onse awiri.

Mlamu wa ku Lundazi: Ndangolowa kumene, sindinawerenge zonse. Asisi ngati vuto ndi K800 lowani chilimba, kapena kongolani pa foni mudzabweza mukalandira. Ntchito za ku migodi sizibwera kawiri, mwana wa mlongo wanga ali konko akumanga nyumba.

Wanjinga wa pa Kapata: Alamu werengani kaye kumwambaku musanamize mwana wa eni.

Mlamu wa ku Lundazi: Aaa pepani, ndaona tsopano. Koma ndifunse, mwana wa mlongo wangayo anapimidwa kuchipatala asanayambe, ndiye za kuchipatalazo si zabodza ayi.

Kalaliki wa ku Katete: Kupimidwa kulipo ndithu, makamaka ku migodi, ndipo ndi chifukwa chake bodzali limagwira anthu, limatsamira pa chinthu choona. Kusiyana kwake ndi uku: kupimidwa kumachitika munthu uli pomwepo, thupi lako lili pamaso pa dokotala. Mwina kampani imakutumiza ku chipatala chimene imagwira nacho ntchito, mwina umapita wekha n'kulipira pa windo la chipatala, n'kupatsidwa lisiti. Nanga K450 yotumiza pa foni uli ku Mchini ipima chifuwa cha ndani? Chimodzimodzi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, umapita wekha kukadinda zala. Za nsapato ndi chipewa cha pamgodi, zimenezo ndi zovala zodzitetezera, amapereka ndi olemba ntchito. Ndipo kampani yoona ikamakulemba imafunsa nambala yako ya NAPSA, TPIN ndi akawunti ya kubanki, chifukwa ikukonzekera kukulipira iwe. Tisa, anakufunsako chimodzi mwa zimenezi?

Tisa wa ku Mchini: Ayi ndithu. Anangofunsa saizi ya nsapato.

Amake Mapasa: Saizi ya nsapato! Ndaseka mpaka kasitomala wandiyang'ana.

Mnyamata wa Makompyuta: Njira yachidule ndi kufufuza dzina la kampaniyo ku PACRA. Ikapezeka kuti inalembetsedwa ndiye kuti zili bwino, ikasowa ndi akuba. Musavutike ndi zambiri.

Kalaliki wa ku Katete: Theka lake ndi loona achimwene. Ikasowa ku PACRA, thawani. Koma ikapezeka sizitanthauza kanthu, chifukwa anthuwa sapeka dzina, amabwereka la kampani yeniyeni imene aliyense amaidziwa, ndi chizindikiro chake chomwe amachikopera pa intaneti. Funso si lakuti kampaniyo ilipo kodi, koma lakuti munthu uyu ndi wa kampaniyo kodi. Zimenezo umazidziwa poimba nambala imene waipeza wekha pa tsamba lenileni la kampani, osati imene ili pa kalata yake, chifukwa ya pa kalatayo ayankha ndi mnzake. Akanena kuti iye ndi ejenti chabe, lamulo la ntchito la 2019 limafuna kuti ejenti wopezera anthu ntchito akhale ndi chilolezo chochokera kwa Komishonala wa za ntchito. Ofesi ya Leba ili mu Chipata momwemo, munthu utha kupita kukafunsa.

Mnyamata wa Makompyuta: Chabwino ndavomera. Koma ine ndikanati asayankhe n'komwe. Kungobuloka basi. Ukayankha umasonyeza kuti nambala yako ili moyo, amaigulitsa kwa anzawo.

Kalaliki wa ku Katete: Ikanakhala meseji yongogwera pa foni kuchokera kosadziwika, ndikanagwirizana nanu, kusayankha ndiye bwino. Koma Tisa wacheza naye masiku anayi, zoti nambala ili moyo akudziwa kale. Ndipo ali ndi mapepala ake. Akangozimiririka, munthuyo aimbira azakhali kapena mayi wa kumpingo uja kuti mwana wanu akutaya mwayi, mukankheni. Pamenepo mavuto achoka pa foni alowa m'nyumba. Meseji imodzi yokana imatseka njira imeneyo, ndipo imatsala ngati umboni wa tsiku limene anakana ndi kuletsa mapepala ake.

Mnyamata wa Makompyuta: Umboni wake ugwira ntchito yanji? Wakuba afufuta reji chifukwa wapemphedwa mwaulemu?

Kalaliki wa ku Katete: Safufuta, zimenezo tisanamizane. Mzere umenewo sulembedwera iye. Ulembedwera tsiku limene Tisa angadzafunsidwe za nambala kapena ngongole imene sakuidziwa, kuti adzakhale ndi choonetsa. Kuti chidzamuthandiza mpaka pati, zidalira amene akumufunsayo. Koma kuli bwino kukhala nacho kusiyana ndi kupita manja lendelende.

Bambo a ku Chadiza: Ine nkhaniyi ikundikumbutsa zanga, ndipo mpaka lero ndikaiganiza mutu umawawa. Ine inali ya udalaivala. Ndinatumiza K600, anati ndifike ku Lusaka Lolemba, galimoto ya kampani idzanditenga pa Intercity. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndinakwera basi ya m'mamawa, ulendo wonse uja wa makilomita oposa 500, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, ndili ndi chikwama ndi bulangete latsopano. Tili pa Luangwa anandiimbira kuti onjezani K150 ya chitupa cholowera pageti, ndinatumiza ndili pamzere wogula nsomba. Kufika pa Intercity, foni yake yazima. Ndinagona pa benchi masiku awiri ndikuyesabe nambala. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama, koma kubwerera kumudzi anthu atanditsanzika kale. Ndipo ine poyamba ndinakana ngati mmene walembera Tisamu, ndinati ndilibe ndalama. Anali atayamba ndi K1,000, ananditsitsira yekha, ine n'kumathokoza kuti ndapeza munthu wachifundo.

Amake Mapasa: Pepani bambo. Tisa wamva? K150 ya pageti ija ndiyo ikanabwera kwa iwe Lachisanu.

Wanjinga wa pa Kapata: Ndiye mukuona, anthu otere tiziwapatsa moni? Ine ndiye ayi. Ndipatseni nambala ndimutukwane ndekha.

Kalaliki wa ku Katete: Mkwiyo wanu ndikuumva achimwene, koma taganizani amene ali ndi chotaya. Pa CV ya Tisa pali komboni imene amakhala, nambala yake, ndi manambala a anthu omuchitira umboni. Iye za munthuyo akudziwapo chiyani? Dzina labodza ndi chithunzi cha munthu wovala chipewa cha pamgodi. Mukamutukwana, inu mupita kukanyamula makasitomala, wotsala ndi mafoni a usiku ndi mwanayu. Ulemu apa sikuti munthuyo akuuyenera, ndi wongofuna kuti amuiwale msanga.

Wanjinga wa pa Kapata: Ine sindinakhutire koma chitani zanu.

Amake Mapasa: Tisa, usanatumize yankho jambula macheza onse, kuyambira Lolemba, ndi kalata ija, ndi nambala yolandirira ndalama, ndi dzina lija latuluka. Akangoona kuti wakana amafufuta mameseji mbali zonse ziwiri, ena amasintha ndi chithunzi chomwe. Ukamaliza utumize, kenako imba `*707#` upereke manambala onse awiri kwa a ZICTA. Kubuloka kukhale komaliza.

Tisa wa ku Mchini: Ndajambula zonse. Ndatumiza ya amalume a ku Katete ija mmene ilili, ndangosintha "bambo" kukhala "abwana" poti ndimo ndimamutchulira. Mtima ukugunda ngati ndaba ndine.

Tisa wa ku Mchini: Wayankha kale! Mavoisi atatu. Yoyamba akuti mwana wanga vuto ndi chiyani, ngati ndi ndalama tumiza K300 yokha ndikuikira kumbuyo kwa abwana. Yachiwiri akuti waganizira azakhali ako amene anakupempherera mwayiwu? Yachitatu mawu asintha, akuti dzina langa lalowa kale mu sisitemu, ndikakana ndilipire K250 yofufutira, apo ayi sindidzalembedwanso ntchito pa mgodi uliwonse m'Zambia muno. Ndiyankhe chiyani?

Kalaliki wa ku Katete: Usayankhe kanthu. Wanena kale, ndipo kubwereza ndi kuyamba kukambirana. Palibe ndalama yolipira pokana ntchito imene sunasayine n'komwe, ndipo munthu wa pa WhatsApp alibe mphamvu yotsekera aliyense migodi ya dziko lonse. Taona mmene zayendera mu mphindi zochepa: chifundo, kenako manyazi, kenako kuopseza. Wolemba ntchito weniweni akanangoti zikomo potidziwitsa. Sunga mavoisiwo, makamaka yachitatuyo, kenako buloka. Akakuimbira pa nambala ina, ukangozindikira mawu dula, usafotokoze.

Aphunzitsi Opuma: Aa, K250 yofufutira dzina. Ndabweza mawu anga aja oti mwina ndi woona. Koma mwanawe, nkhani yatsala ndi ya azakhali. Usawatumizire meseji, upite wekha ukakhale pansi. Usakayambe ndi mawu akuti munandipatsa wakuba. Ukayambe ndi kuthokoza kuti amakuganizira, kenako uwamvetsere voisi yachitatuyo, aweruze okha. Akulu sakonda kuuzidwa kuti anapusitsidwa, koma akadzimvera okha amakwiya kuposa iwe.

Amake Mapasa: Ndipo uwaimbire anthu aja unawalemba pa CV kuti akuchitire umboni. Uwauze kuti wina akaimba m'dzina lako kupempha ndalama, kaya ati wadwala pa ulendo wa ku Solwezi, asatumize. Pa buthi ndinaonapo bambo wina akutumiza ndalama ya "thiransipoti ya mwana" pamene mwanayo ali kunyumba akuphika.

Mnyamata wa Makompyuta: Za reji ija ine ndikadali ndi nkhawa. Chithunzi cha mbali zonse ziwiri si chinthu chaching'ono. Apite ku ofesi ya kampani ya foni akafunse manambala amene analembetsedwa pa reji yake, ndipo akasiye lipoti kupolisi. Ndipo nambala yachinsinsi iliyonse yobwera pa meseji asauze munthu, ngakhale atati ndi yofufutira dzina.

Bambo a ku Chadiza: Kupolisi kwake akamufunsa kuti wabedwa zingati, iye ati palibe. Amulembera?

Kalaliki wa ku Katete: Apite ndi zithunzi za macheza ndi voisi yoopsezayo, akanene kuti akufuna zilembedwe m'buku. Kuyesa kuba mwachinyengo ndi mlandu ngakhale ndalama isanatuluke. Kuti akamugwira munthuyo, pamenepo sindikulonjeza.

Mlamu wa ku Lundazi: Koma inu, ndiye ntchito tizipeza bwanji ngati aliyense wotithandiza tizimukayikira? Ena amalowadi polipira kenakake, tisabise.

Wanjinga wa pa Kapata: Alamu mwayambanso.

Mlamu wa ku Lundazi: Ndikungonena zimene zimachitika.

Tisa wa ku Mchini: Ndabuloka, ndaimbanso `*707#`. Ndachokera kwa azakhali tsopano lino. Ndinachita monga ananenera aphunzitsi. Atamva voisi ija anangoti "mayo ine" n'kugwira pakamwa, kenako anaimbira mnzawo wa kumpingo uja pomwepo. Nkhani yake ndi iyi: mayiwo munthuyo sanamuonepo, nambala anaitenga pa gulu lina la WhatsApp. Ndipo mwana wawo wamwamuna anatumiza kale K800 Lachiwiri, wagula ndi tikiti ya basi ya Lamlungu. Mayiwo akukana, akuti ine ndachita mantha chabe ndipo ndisawalodzere mwana ulendo.

Bambo a ku Chadiza: Lamlungu? Mwanawe, funsa azakhali ngati mnyamatayo angalole kuyankhula nane. Ndilowe ku inibokosi ndikupatse nambala yanga. Andiimbire usiku uno, ndikhala maso mpaka 22:00.